Kuchoka pa sikelo kufika pa madontho a diripi

Pa botolo la panado wamadzi wa ana pamalembedwa manambala awiri ogundizana, kawirikawiri motere: `120 mg/5 mL`. Makolo ambiri sitiwayang'ana n'komwe. Timangomva zimene watiuza wopereka mankhwala pa zenera, kuti mwana azimwa kufika pa mzere wakutiwakuti wa kachikho koyezera, basi n'kumapita. Koma mzere umenewo sanausankhe mwachisawawa. Anautulutsa m'manambala awiri aja, ataphatikizapo nambala yachitatu imene inachokera pa sikelo pomwe mwanayo anaima m'mawa.

Ophunzira unamwino, uzamba ndi ntchito yopereka mankhwala amapatsidwa mapepala a mafunso oyeserera ntchito imeneyi, ndipo amawabwereza mpaka dzanja lizolowere. Masamu ake ndi a ku pulayimale, kuchulukitsa ndi kugawa basi. Chovuta chili pena. Dokotala amalemba kulemera kwa mankhwala amene akufuna kuti alowe m'thupi. Sirinji siyeza kulemera, imayeza kuchuluka kwa madzi. Diripi nayo imawerengedwa ndi madontho pa mphindi. Munthu woima pambali pa bedi ayenera kusamutsa nambala kuchoka pa muyeso wina kupita pa wina popanda kutaya kanthu m'njira, ndipo zolakwika zambiri zimachitika pa kusamutsako.

Tiyeni titenge wodwala mmodzi wa pa pepala lotere, mwana wolemera makilogalamu 12 amene wabwera ndi malungo aakulu, n'kumutsatira kuyambira pa funso loyamba.

Miyeso iyambe yafanana

Pepala lililonse lolembedwa bwino limayamba ndi mafunso amene ophunzira amawaona ngati otaya nthawi, osintha miyeso. Galamu imodzi ili ndi mamiligalamu 1,000. Miligalamu imodzi ili ndi mamaikulogalamu 1,000. Lita imodzi ili ndi mamililita 1,000. Mitu yathu inazolowera kuwerenga ndi 100, monga matambala 100 amene amapanga kwacha imodzi, ndiye munthu akatopa dzanja limathamangira kusuntha poyinti malo awiri m'malo mwa atatu. Akatero, magalamu 0.5 amasanduka mamiligalamu 50 pomwe ndi 500. Wodwala walandira gawo limodzi mwa magawo 10 a mankhwala ake, ndipo palibe amene angadziwe msanga chifukwa chimene sakuchirira.

Onani mmene zimakhalira pa mwana wathu uja. Tinene kuti dokotala akukayikiranso matenda ena a m'magazi ndipo walemba sefitiriyakisoni wokwana mamiligalamu 600. Pa kabotolo palembedwa `1 g`, ndipo funso likunena kuti ufawo ukasungunulidwa umapanga mamililita 10. Wophunzira wopupuluma amagawa 600 ndi 1, n'kuchulukitsa ndi 10, n'kupeza mamililita 6,000. Amenewo ndi malita 6, mabotolo a diripi angapo, ndipo aliyense angaone kuti si jakisoni ameneyo. Wayerekeza mamiligalamu ndi galamu ngati ndi chinthu chimodzi. Akayamba wasintha galamuyo kukhala mamiligalamu 1,000, yankho limatuluka mamililita 6, omwe ndi opitirira pang'ono theka la zimene zili m'kabotolo. N'zomveka, popeza 600 ndi wopitirira pang'ono theka la 1,000.

Kulakwa koteroko n'kwabwinoko chifukwa kumaonekera patali. Koopsa ndi kumene kumabala nambala yooneka yabwinobwino. N'chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira kuti nambala iliyonse ilembedwe ndi muyeso wake pa mzere uliwonse, ngakhale zikutopetsa. Nambala 6 yopanda kanthu kumbuyo kwake sikutiuza ngati ndi mapiritsi, mamililita kapena mamiligalamu. Pa mamaikulogalamu ndiye amachita kunenetsa kuti mawuwo alembedwe onse, chifukwa chidule chake chikalembedwa ndi dzanja lothamanga chimafanana ndi cha miligalamu, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi ka 1,000. Mankhwala a mtima otchedwa dijokisini ndiwo amakonda kupezeka pa funso limeneli: dokotala walemba mamiligalamu 0.25, mapiritsi alipo ndi a mamaikulogalamu 125, apatsidwe angati? Mamiligalamu 0.25 ndi mamaikulogalamu 250, choncho ndi mapiritsi awiri.

Panado uja

Tibwerere ku botolo lija. Mankhwala a ana ambiri amaperekedwa potengera kulemera kwa mwana, osati zaka zake, chifukwa ana awiri obadwa mwezi umodzi akhoza kusiyana kwambiri thupi. Mlingo wozolowereka wa panado ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, pakapita maola 6 aliwonse. Mwana wa makilogalamu 12 ndiye kuti akufunika 12 kuchulukitsa ndi 15, omwe ndi mamiligalamu 180. Apa tapeza chimene chikufunika. Tisanatunge kanthu tiyenera kuona chimene tili nacho, ndipo lebulo ikutiuza kuti m'mamililita 5 aliwonse muli mamiligalamu 120.

Njira imene ophunzira amailoweza pamtima ndi iyi: gawa chimene ukufuna ndi chimene uli nacho, kenako chulukitsa ndi madzi amene chili nachocho chasungunukamo.

```
180 mg ÷ 120 mg × 5 mL = 7.5 mL
```

Ine ndimakonda mphunzitsi amene salola wophunzira kugwira kalikuleta asananene yankho loyerekeza. Mamiligalamu 120 ali m'mamililita 5. Mamiligalamu 240 akanakhala m'mamililita 10. Nambala 180 ili pakatikati pa ziwirizi, choncho yankho liyenera kugwera pakati pa 5 ndi 10. Wophunzira amene waganiza chonchi sangapusitsidwe ndi chala chimene chadina batani lolakwika. Kalikuleta ikamupatsa 75 kapena 0.75, akana pomwepo. Ikamupatsa 3.3 adziwa kuti watembenuza manambala, wagawa 120 ndi 180, komwe ndi kulakwa kofala kwambiri kwa oloweza njira osaimvetsa.

Tsono panado wamadzi sakhala wa mphamvu imodzi. Alipo wina wa ana okulirapo wolembedwa `250 mg/5 mL`. Mayi amene anauzidwa mwezi watha kuti mwana amwe mamililita 7.5, akagula botolo lachiwirili n'kuthira kufika pa mzere womwe uja, wapereka mamiligalamu 375, kupitirira kawiri mlingo woyenera. Akabwereza kanayi pa tsiku kwa masiku angapo, chiwindi cha mwana chili pa ngozi, ndipo panado akapweteka chiwindi zizindikiro zake zimachedwa kuonekera. Mamililita 7.5 aja anali yankho la botolo limodzi ndi mwana wa kulemera kumodzi. Botolo likasintha, kapena mwana akakula, masamu amayambiranso. Ichi n'chifukwa chake m'pofunika kuonetsa botolo latsopano kwa wopereka mankhwala m'malo modalira zimene tikukumbukira, ndiponso kuyezera m'kachikho kapena sirinji yake, popeza masipuni a tiyi a m'nyumba zathu ndi osiyanasiyana kukula.

Ufa umene uyenera kusungunulidwa

Mankhwala enieni a malungo aakulu ndi jakisoni wa atesuneti, ndipo funso lake ndi limene limasonyeza bwino ngati wophunzira wamvetsa. Atesuneti amabwera ngati ufa m'kabotolo, ndipo kozolowereka ndi ka mamiligalamu 60. Ufa sungatungidwe ndi sirinji. Mphamvu ya mankhwala pa mililita iliyonse palibe mpaka namwino ataipanga yekha ndi madzi amene wathiramo.

Amayamba ndi mililita imodzi ya sodiyamu bayikaboneti amene amabwera m'paketi momwemo, n'kukhutchumula mpaka madziwo ayere mbee. Akakhalabe a mbuu, kabotoloko kamatayidwa. Kenako amawonjezera madzi amchere a diripi, amene pa wodi amangoti selaini. Ngati jakisoniyo adzera mumtsempha, amathira mamililita 5, ndipo onse pamodzi amakhala 6. Mamiligalamu 60 m'mamililita 6 ndiye kuti mililita iliyonse yanyamula mamiligalamu 10. Ngati mtsempha sukupezeka ndipo jakisoniyo abayidwa pa mnofu wa ntchafu, amathira mamililita 2 okha kuti madzi asachuluke pa mnofupo. Onse pamodzi amakhala 3, ndipo mililita iliyonse yanyamula mamiligalamu 20.

Mlingo wake uli pawiri. Munthu wolemera makilogalamu 20 kupita m'tsogolo amalandira mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu. Mwana wosafika makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu, malinga ndi malangizo amene Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linatulutsa mu 2015, ataona kuti ana ang'onoang'ono akapatsidwa mlingo wa akuluakulu mankhwala amachepa m'magazi mwawo. Mwana wathu wa makilogalamu 12 akufunika mamiligalamu 36. Podzera mumtsempha amenewa ndi mamililita 3.6. Pa mnofu ndi mamililita 1.8. Mankhwala ndi omwewo, mwana ndi yemweyo, koma madzi otungidwa akusiyana ndi theka. Namwino amene wasungunulira jakisoni wa pa mnofu koma n'kutunga mamililita 3.6 amene anali m'mutu mwake angafunike kutsegula kabotolo kachiwiri kuti awakwanitse, ndipo akatero wapereka mlingo kawiri. Amene wasungunulira wa mumtsempha n'kutunga 1.8 wapereka theka kwa mwana amene akulimbana ndi imfa.

Malire a makilogalamu 20 aja amabala chinthu chimene chimadabwitsa ophunzira. Mwana wa makilogalamu 19 amapeza mamiligalamu 57, pomwe wa makilogalamu 21 amapeza 50.4. Wopepukayo walandira ambiri. Si kulakwa kwa masamu, ndi mmene lamulolo lilili, ndipo wophunzira amene waima n'kufunsa za zimenezi ndiye amene ali maso. Funso lina limafuna kudziwa timabotolo tingati titsegulidwe. Mwana wa makilogalamu 26 akufunika mamiligalamu 62.4, ongopitirira pang'ono kabotolo kamodzi, choncho pafunika tiwiri. Zotsalazo sizisungidwira jakisoni wotsatira, chifukwa atesuneti akasungunuka ayenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe ola. Jakisoni wachiwiri amabwera pakatha maola 12, wachitatu pakatha maola 24 kuchokera pa woyamba, ndipo aliyense amayamba ndi kabotolo katsopano.

Pa mawodi ambiri pamakhomedwa tchati chimene chimasonyeza kale mamililita oyenera pa kulemera kulikonse, ndipo namwino amatsatira chimenecho. Tchati n'chabwino, chimapulumutsa nthawi usiku pomwe odwala achuluka. Koma chinalembedwera kabotolo ka mphamvu inayake ndi kasungunulidwe kenakake. Tsiku limene kwabwera mankhwala opakidwa mosiyana, amene amadziwa kumene manambala a pa tchati anachokera ndi amene amazindikira kuti tchaticho sichikugwirizananso ndi zimene zili m'manja mwake.

Khanda ndi poyinti

Timusiye pang'ono mwana uja, tilowe mu wodi ya makanda, chifukwa kumeneko ndi kumene kulakwitsa poyinti kumavulaza kwambiri. Jentamaisini amabwera kawirikawiri m'kabotolo kagalasi kolembedwa `80 mg/2 mL`, kopangidwira munthu wamkulu. Khanda lobadwa masiku okwana, lolemera makilogalamu 3.2, limafunika mamiligalamu 5 pa kilogalamu kamodzi pa tsiku, omwe ndi mamiligalamu 16. Mililita iliyonse ya m'kabotoloko ili ndi mamiligalamu 40, choncho khandalo lilandira mamililita 0.4, madzi ochepa kwambiri oti ayezedwe ndi sirinji yaing'ono ya mililita imodzi.

Wina akalemba `.4` popanda ziro kutsogolo, poyintiyo ikhoza kubisika pa mzere wa pepala, ndipo wobwera usiku awerenga 4. Mamililita 4 ndi timabotolo tiwiri tathunthu, mamiligalamu 160, mlingo wa khandalo kuchulukitsa ka 10. Jentamaisini wochuluka amawononga impso ndipo akhoza kugonthetsa mwana mpaka kalekale. Ndiye lamulo ndi lakuti nambala yochepera pa 1 iziyamba ndi ziro, `0.4`, ndipo nambala yathunthu isamatsatiridwe ndi poyinti ndi ziro, chifukwa `4.0` ikhoza kuwerengedwa 40. Pa pepala loyeserera mphunzitsi wokhwima amachonga yankho la `.4` kuti ndi lolakwa ngakhale masamu ake ali olondola, ndipo ine ndikugwirizana naye.

Palinso chizindikiro chimene sichifuna cholembera. Ngati dzanja likuthyola kabotolo kachiwiri ka mankhwala a munthu wamkulu pofuna kubaya khanda, penapake palakwika. Anamwino achikulire amaphunzitsa achinyamata kuti aime pamenepo n'kuitana mnzawo. Mnzakeyo asangoyang'ana yankho n'kugwedeza mutu. Awerengere payekha kuyambira pa kulemera kwa khanda ndi lebulo ya kabotolo, kenako afananize, chifukwa munthu akaona yankho la mnzake poyamba maso ake amangolivomereza.

Madontho

Gawo lomaliza la pepala limakhala la diripi, ndipo pano ndi pamene pamalowa nthawi. Kumene kuli makina opopa madzi a diripi, namwino amangodina mamililita pa ola, makinawo n'kuchita zotsala. M'mawodi ambiri a kwathu kuno makina otere ndi ochepa, ndipo madzi amatsika okha kuchokera m'botolo lopachikidwa m'mwamba, kudzera m'chubu chimene chili ndi kachipinda koonekera momwe madontho amagwera ndi kagudumu kotsegulira kapena kutsekera. Kagudumuko kalibe manambala. Njira yokha yodziwira liwiro ndi kuwerenga madontho.

Madontho si ofanana kukula. Pa paketi ya chubu chilichonse pamalembedwa madontho angati amene amapanga mililita imodzi. Chubu wamba cha akuluakulu kawirikawiri chimapanga madontho 20 pa mililita, zina 15 kapena 10, makamaka zoperekera magazi, pomwe chubu cha ana chokhala ndi kachitsulo kowonda potulukira chimapanga timadontho 60. Nambala imeneyi saiganizira, amaiwerenga pa paketi asanaitaye.

Funso lozolowereka ndi la munthu wamkulu: lita imodzi ya selaini ilowe kwa maola 8, chubu ndi cha madontho 20. Pali miyeso iwiri yoti isinthidwe tisanayambe. Lita ikhale mamililita 1,000, ndipo maola 8 akhale mphindi 480. Mamililita 1,000 kuchulukitsa ndi 20 ndi madontho 20,000, omwe ndi madontho onse amene ali m'botolomo. Tikawagawa pa mphindi zonsezo tipeza oyenera kugwa pa mphindi iliyonse.

```
1000 mL × 20 ÷ 480 = 41.7
```

Dontho silidulidwa pakati, choncho yankho ndi madontho 42 pa mphindi. Woiwala kusintha maola amagawa ndi 8 n'kupeza 2,500, nambala imene diso la munthu silingawerenge. Pa bedi, namwino amawerenga kwa masekondi 15 akuyembekeza madontho 10 kapena 11, n'kusuntha kagudumu pang'onopang'ono mpaka zitheke, kenako n'kutsimikiza powerenga mphindi yathunthu.

Tsopano mwana wathu uja. Tinene kuti wakomoka, sangamwe, ndipo akufunika madzi ongomusunga tsiku lonse. Kawerengedwe kamene mapepala ambiri amagwiritsa ntchito anakafalitsa mu 1957 madokotala awiri a ana a ku Amereka, Malcolm Holliday ndi William Segar. Pa makilogalamu 10 oyamba, mwana amafunika mamililita 100 pa kilogalamu pa tsiku. Pa makilogalamu 10 otsatira, mamililita 50 pa kilogalamu. Opitirira pamenepo, 20. Mwana wa makilogalamu 12 ndiye kuti apeza 1,000 pa makilogalamu 10 oyambawo ndi 100 pa awiri otsalawo, pamodzi mamililita 1,100 pa maola 24. Pa ola ndi pafupifupi mamililita 46. Dokotala akhoza kuchepetsa malinga ndi mmene mwanayo alili, koma pa pepala tiima pa 46.

Ndi chubu cha ana cha timadontho 60, masamu amafupika mokoma. Timachulukitsa ndi 60 wa madontho n'kugawanso ndi 60 wa mphindi za mu ola, ziwirizi n'kufafanizana, ndipo mamililita 46 pa ola amakhala timadontho 46 pa mphindi. Ndi chubu cha madontho 20, timatenga 46 kuchulukitsa ndi 20 n'kugawa ndi 60, ndipo tipeza madontho 15 pa mphindi, dontho limodzi pa masekondi anayi aliwonse.

Ngozi yagona pa manambala awiriwa, 46 ndi 15. Machubu a ana akatha m'sitolo ya chipatala, pamalumikizidwa chubu cha akuluakulu. Ngati wobwera pambuyo waona 46 pa pepala la wodwala n'kutchera madontho 46 osayang'ana chubucho, mwanayo akulandira mamililita 138 pa ola, katatu kuposa mlingo wake. Madzi a tsiku lonse atha m'maola 8. Mtima ndi mapapo a mwana wodwala sizingapirire zimenezo. Amayamba kupuma mofulumira, zikope zimatupa, m'chifuwa mumamveka phokoso la madzi, ndipo mwana amene amaoneka kuti akutsitsimuka amayamba kubanika. Mwana wonyentchera kapena wochepa magazi kwambiri, monga amakhalira ambiri odwala malungo aakulu, ndiye amafika pamenepa msanga. Ichi n'chifukwa chake ana amawaikira kabotolo koyezera pakati pa botolo lalikulu ndi chubu ngati kalipo, kuti ngakhale kagudumu katatseguka, alowe madzi a ola limodzi kapena awiri okha.

Pali nthawi zina pomwe madzi ayeneradi kuthamanga, ndipo anamwino athu anaziona kwambiri pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023. Mwana wa zaka ziwiri wolemera makilogalamu 10 amene watha madzi kwambiri m'thupi, ngati si wonyentchera, amapatsidwa mamililita 30 pa kilogalamu m'mphindi 30 zoyamba, kenako mamililita 70 pa kilogalamu kwa maola awiri ndi theka. Gawo loyambalo ndi mamililita 300, ndipo pa chubu cha madontho 20 yankho ndi madontho 200 pa mphindi. Masamu ndi olondola, koma pa liwiro limenelo madontho amalumikizana n'kukhala kamtsinje kosawerengeka. Namwino amasiya kuwerenga madontho n'kuyang'ana mizere ya pa botolo, kuti pofika mphindi 30 madzi akhale atatsika ndi 300. Pamenepo ayenera kubwerera n'kuchepetsa kufika pa madontho 93 a gawo lachiwiri. Kuiwala kubwererako ndi kumene kumasandutsa chithandizo kukhala vuto.

Ngakhale pa liwiro wamba, nambala imene yatcheredwa siikhala pamodzi. Madzi akamatsika m'botolo mphamvu yokankha imachepa, ndipo madontho amayamba kuchedwa. Wodwala akapinda mkono, kanula imafinyika mumtsempha. Akadzuka kupita kuseri atanyamula botolo mmunsi, madzi amaima, magazi n'kubwerera m'chubu. Kanula ikachoka mumtsempha, madzi amalowa m'minofu, mkono n'kutupa ndi kuzizira. Nthawi zina ndi wodikirira wodwala amene watsegula kagudumu ndi mtima wabwino, poganiza kuti madzi akalowa msanga m'bale wake achiranso msanga. Amene tikudikirira odwala tikaona diripi yaima, yathamanga, kapena mkono watupa, chothandiza ndi kuitana namwino, kagudumuko n'kukasiya mmene kalili.

Pofuna kugwira kusinthaku, namwino amamata pulasitala m'mbali mwa botolo n'kulembapo nthawi. Lita ya maola 8 iyenera kutsika mamililita 125 ola lililonse. Ikapachikidwa 8 koloko m'mawa, pofika 10 koloko payenera kukhala patalowa 250, ndipo 12 koloko masana botolo likhale pa theka. Akamadutsa amangoponya diso pa pulasitala n'kudziwa ngati zili bwino.

Mapepala ena amathera pa funso lochokera pamenepa. Yakwana 12 koloko, m'malo mwa mamililita 500 alowa 300 okha. Atsala 700 ndi maola 4. Madontho akhale angati kuti botolo lithe pa nthawi yake? Mamililita 700 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi mphindi 240, yankho ndi madontho 58 pa mphindi, ndipo wophunzira amene walemba 58 wakhoza. Pa wodi, nambala imeneyo siyitcheredwa nthawi yomweyo. Namwino amayamba wafufuza chimene chinachedwetsa madziwo, chifukwa ngati kanula yatuluka mumtsempha, kutsegula kagudumu kungowonjezera kutupa. Kenako amaona kuti wodwalayo ndani ndipo m'botolomo muli chiyani. Kuchoka pa 42 kufika pa 58 ndi kukweza liwiro kuchoka pa mamililita 125 kufika pa 175 pa ola. Mnyamata wamphamvu amene anangotsegula m'mimba akhoza kulandira zimenezo popanda vuto. Gogo wa mtima wofooka, mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri, kapena aliyense amene m'diripi mwake mwathiridwa potaziyamu kapena kwinini sayenera kuthamangitsidwira madzi chifukwa choti nthawi yatsalira. Pa odwala oterowo namwino amabwezera madontho pa 42, n'kulemba pa pepala la wodwala kuti alowa mamililita 300 okha ndi chifukwa chake, kenako n'kudziwitsa dokotala kuti anene ngati botololo lipitirire mpaka litatha mochedwa kapena dongosolo lisinthidwe.